Osabakhazika chabe ambuya: mpando umodzi, chipupa na maminiti 20

Madzulo ano mukafika ku nyumba, osakamba kanthu, muyang'ane chabe mwamene ambuya banyamukira pa sofa. Ngati bayamba basendera kutsogolo, bagwira tebulo, badzikankha kawiri katatu, pamene apo ndiye baimirira na ka "mayo ine" pakamwa, ndiye kuti nkhani iyi ni ya pa nyumba panu.

Ise bazukulu timalakwisa cifukwa ca cikondi. Ambuya bakafuna kutenga madzi timati "khalani ambuya, nizabweretsa." Bakagwira nyenje kuti bapyange pa bwalo, timabalanda. Bakagwa kamodzi pa sitepe, banja lonse limagwirizana kuti basamayende-yende. Manje mendo ya munthu wa zaka 70 na kupitirira siyamvera ulemu. Nyama za m'ntchafu zikakhala zilibe nchito zimachepa, ndipo kwa okalamba zimachepa msanga kupambana kwa imwe. Mendo yakafooka, mantha yakugwa yakula. Mantha yakakula, bakhala pansi maningi, mendo yafookerako. Kumapeto kwake ni ambuya bamene sibangapite bekha ku toileti. Kwa mzimayi amene analera nyumba yonse, ico cimabawa kupambana bondo.

Ubwino wake ni wakuti nyama za thupi zimabwerera olo pa zaka 75. Ku yunivesiti ya Otago ku New Zealand, mu zaka za m'ma 1990, akatswiri banakonza maekisesaizi ya pa nyumba ya anthu okalamba, yocita katatu pa sabata. Pamene banayayesa, kugwa kunachepa na pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mulibe jimu m'menemo. Ni kuimirira, kukhala, kunyamula mwendo na kuphunzira kuima mosagwedera. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, nalo limakamba kuti munthu wa zaka 65 kupita m'mwamba azicita vinthu volimbisa thupi na balansi masiku atatu pa sabata olo kuposapo. Vamene nizakupatsani pano ni vinayi chabe votengera nzeru yamene iyo, kuti vikwane mu nyumba ya marumu awiri mu komboni.

Muyambe ku kiliniki, osati pa mpando

Ambuya bambiri bali kale na khadi ya bipi olo ya shuga. Pa tsiku lotenga mankhwala, mupite nabo, muuze anasi olo a kiliniko ofisa kuti mufuna kuyamba maekisesaizi ya pa nyumba. Munyamule mankhwala yonse yamene bakumwa, na yamene banagula bekha pa kemisti. Cifukwa cake ni ici: mankhwala ena ya bipi na ya tulo yamabweretsa cizungulire munthu akaimirira msanga, ndipo ena ya shuga yangatsitse shuga maningi ngati munthu agwira nchito na njala. Osabaleketsa mankhwala mweka. Mufunse chabe.

Pali ambuya bena bamene sibafunika kuyamba mpaka baonedwe. Bamene banagwa mu miyezi 12 yapitayi, bamene bamamva kubawa pa chifuwa olo kubanika bakayenda pang'ono, bamene banadwalapo sitiroko, bamene banacitiwa opaleshoni ya m'ciuno olo ya bondo, na bamene msana unayamba kubabawa mwadzidzidzi. Aba mupemphe kuti babatumize kwa a fiziyo. Ku UTH baliko, ndipo ba ku kiliniki kwanu bazakuuzani kwamene kuli pafupi. Ngati maso yacita nkhungu, mukambe navo ivo. Ng'ala imacosedwa, ndipo palibe ekisesaizi yamene ingathandize munthu kuona mwala wamene sauona.

Mpando wake ni uti

Apa ndiye pamene bambiri bamagwera. Mpando wa pulasitiki wa pa maliro na pa kicheni pate siufunika: umaterereka pa simenti ndipo mendo yake imatambalala. Sofa ni yofewa komanso yotsika. Ka mpando ka pa mbaula ni kafupi maningi. Mufuna mpando wolimba wa thabwa olo wa nsimbi, monga wa pa tebulo yodyera, wotalika pafupifupi masentimita 43 kucoka pansi kufika pokhalira. Ngati mulibe tepu, mubakhazike: mapazi yonse yakhale pansi bwino bwino, ndipo mawondo yakhale pa mzere umodzi na ciuno, olo pansi pang'ono. Kumbuyo kwa mpando kutsamire cipupa kuti usathawe.

Muyang'ane na pansi. Polishi yofiira ija yamene timanyadira pa Sande ni mdani pa nchito iyi. Musankhe malo yamene siyanapakidwe, mucosepo ka kapeti na mphasa. Ambuya bavale nsapato zotseka kumbuyo, zosaterereka. Mapatapata iyayi, masokosi yekha iyayi. Ngati bali na shuga, basacite opanda nsapato, cifukwa mapazi ya shuga nthawi zina siyamva ngati yalasiwa. Chitenge bamange mokweza pang'ono, cifike pamwamba pa akakolo, ndipo cisathine mendo.

Mayeso yawiri na ka buku

Tengani ka buku ka sukulu na foni yanu. Mayeso aya yamasewenzesewa na a zaumoyo ku America, mu ndondomeko ya bungwe la CDC yochedwa STEADI, ndipo siyafuna makina.

Coyamba: ambuya bakhale pakati pa mpando, manja bayapingase pa chifuwa. Mu masekondi 30, muwerenge kangati baimirira mpaka kuongoka na kukhalanso. Kwa mzimayi wa zaka 70 kufika 79, ngati nambala ili pansi pa 10, mendo ni yofooka kupambana ya anzake ndipo ngozi yakugwa ni yaikulu. Ngati sibangaimirire opanda manja, musabakakamize. Lembani ziro, palibe manyazi. Ni poyambira chabe.

Caciwiri ni ca balansi. Baime pafupi na cinthu colimba cogwira, imwe muli pambali. Bayambe na mapazi yogundana, masekondi 10, osagwira. Bakakwanisa, phazi limodzi lipite kutsogolo pang'ono, kuti pakati pa phazi ilo pagunde cala cacikulu ca linzake. Bakakwanisa ico, phazi limodzi kutsogolo kwa linzake pa mzere umodzi, cidendene cigunde zala. Ngati apa sibafika masekondi 10, ni cizindikiro cina cakuti bangagwe, ndipo mukacikambe ku kiliniki. Pamene balephera ndiye pamene mulekere. Osapitiriza ku colimba.

Lembani deti na manambala yawiri aya. Muzayafuna kutsogolo, maka-maka pa tsiku lamene ambuya bazakamba kuti "vinthu ivi sivisewenza."

Kwamene muime imwe

Osaima kutsogolo na kubagwira manja monga mwana wophunzira kuyenda. Mukacita conco, balansi ni yanu, osati yao. Ndipo bakaterereka, muzabadonsa dzanja, phewa lingaguluke. Muime pambali, kumbuyo pang'ono, ku mbali yamene mwendo ni wofooka, dzanja lanu lili pafupi na ciuno cao koma osagwira. Foni mu thumba, kupatula pamene muwerenga masekondi.

Nthawi yabwino ni kuseni cha m'ma 9 koloko, bakamwa tiyi na kudyako kanthu, olo madzulo dzuwa likapepa. Mu Okutoba osayesa masana. Musankhe masiku atatu yotalikirana, monga pa Mande, pa Citatu na pa Cisanu, cifukwa nyama za thupi zimakula pa tsiku lopumula. Poyamba bafundise thupi maminiti yawiri olo yatatu: bali khale pa mpando, banyamule mawondo limodzi-limodzi monga bamacha, bazungulise mapazi. Bakaimirira koyamba, baime kaye bawerenge mpaka 10 bakalibe kuponya phazi. Ngati mutu uzunguluka, ni apa pamene muzadziwira.

Kuimirira na kukhala: iyi ndiye nsima yake

Ngati pa vonse muzakumbukira cimodzi chabe, cikhale ici. Kunyamuka pa bedi, pa toileti, pa benchi ya ku chalichi, pa mpando wa minibasi, yonse ni nchito imodzi ya ntchafu na matako.

Ambuya basendere kutsogolo kwa mpando. Mapazi yatalikirane monga kukula kwa ciuno, ndipo bayabweze kumbuyo pang'ono kuti yakhale pansi pa mawondo. Okalamba bambiri bamasiya mapazi kutsogolo maningi, ndiye cifukwa cake bamalimbana. Manje baweramire kutsogolo, msana uli woongoka, mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi. Bakankhe pansi na mapazi yonse, baimirire mpaka ciuno ciongoke. Pobwerera ndiye pali cinsinsi: matako yapite kumbuyo, batsike pang'ono pang'ono mukuwerenga wani, thu, fili, bafike pa mpando mwakacetecete. Mukamva "phuu", ndiye kuti bagwera, sibanakhale. Kutsika mofatsa kumalimbisa mendo maningi, ndipo ni kwamene kumateteza munthu potsika sitepe.

Muyang'ane vinthu viwiri. Mawondo yasagwere mkati monga yafuna kugundana. Yaloze kwamene zala ziloza. Ndipo basagwire mpweya. Munthu akakanika amatseka pakhosi na kukankha, ndipo ico cimakweza bipi. Mankhwala yake ni yapafupi: bawerenge mokweza, olo baimbe ka nyimbo ka ku kwaya. Munthu sangaimbe atagwira mpweya.

Bayambe na kasanu, manja yonse yawiri yali pa mpando olo pa ntchafu. Vikayenda, kufika 8, kenako 10. Bakafika 10 na manja yawiri, mubwerere ku 5 koma na dzanja limodzi, mukwerenso mpaka 10. Kenako ku 5 opanda manja. Bakakwanisa 10 opanda manja, bapumule miniti imodzi olo yawiri, bacitenso 10. Pamene apo ndiye mungaganize vonyamula. Botolo ya madzi ya lita imodzi imalema kilo imodzi. Baikumbatire pa chifuwa. Cigubu ca malita 20 cisabwere mu nkhani iyi.

Ngati olo na manja yawiri bakanika, mpando ni wotsika kwa iwo. Pindani bulangeti yolimba muike pokhalira kuti pakwere. Mendo yakalimba, mucose.

Vidende m'mwamba, na mwendo pambali

Viwiri ivi bacite baimirira, bagwira cinthu camene sicingasunthe: nsimbi za pa windo, olo tebulo yolema yotsamira cipupa. Citseko iyayi, cimayenda.

Coyamba, banyamule videndene baime pa zala, bakhale sekondi imodzi olo yawiri, batsike mofatsa. Kasanu poyamba, kukwera mpaka 10. Ici cilimbisa akatumba ba kumbuyo kwa mwendo, bamene bamakankha munthu poyenda. Kenako batembenuze: videndene pansi, zala m'mwamba. Cioneka monga masewera, koma nyama ya kutsogolo kwa mwendo ndiye imanyamula phazi kuti lisakhumudwe pa mwala olo pa muzu. Ambuya bamene bamakweka mapazi poyenda bafunika ici maningi. Muyang'anire matako yasathawire kumbuyo pamene zala zikwera, cifukwa apo munthu angagwe cagada.

Caciwiri, banyamule mwendo umodzi kupita pambali, bondo lili loongoka, zala ziloza kutsogolo. Sufunika kukwera patali. Kutalika kwa cikhato cimodzi olo viwiri kucoka pansi kwakwana. Cilakwiso camene muzaona ni cakuti thupi lonse lipendekera ku mbali inayo kuti mwendo uoneke wakwera. Mubauze baime monga banyamula ndowa pa mutu. Ico bacidziwa kupambana imwe. Kasanu mwendo uliwonse, kukwera mpaka 10. Nyama za m'mbali mwa ciuno ndiye zimagwira munthu akapendekera pambali, ndipo kugwera pambali ndiye kumathyola fupa la m'ciuno.

Balansi: kugwedera pang'ono ndiye sukulu yake

Apa mufunika kumvesa cinthu cimodzi cimene cioneka monga cotsutsana. Ngati ambuya baima nji, osagwedera olo pang'ono, thupi siliphunzira kanthu. Ngati bagwedera mpaka kugwira cipupa nthawi iliyonse, mwapitirira. Pakati pake ni pamene akakolo basewenza, thupi ligwedera pang'ono, koma bakwanisa kudzibweza bekha.

Malo yabwino ni pa kona ya rumu. Baime msana uloza ku kona, osatsamira, tebulo olo mpando wolema uli kutsogolo. Bakapendekera kumbuyo olo pambali, cipupa cibagwira. Muyambire pa kaimidwe kamene banakwanisa pa mayeso yaja, mucite ka pamwamba pake bali ogwira. Bayang'ane cinthu cimodzi kutsogolo, monga kalenda, osati mapazi. Masekondi 10, basinthe phazi, kawiri olo katatu.

Makwerero yake ni ya manja. Manja yawiri, kenako dzanja limodzi, kenako nsonga za zala ziwiri chabe, kenako dzanja lili m'mwamba pang'ono pa tebulo, lokonzeka kugwira. Bakafika masekondi 30 opanda kugwira, mupite ku kaimidwe kolimbirako, ndipo manja yabwerere pa tebulo. Lamulo ili osaliphwanya: mapazi yakalimba, manja yabwerera. Bakadziwa kuima cidendene ku zala, bayambe kuyenda conco masitepe 10 motsata cipupa, dzanja lili pa cipupa, komanso kuyenda cammbali masitepe 10 kupita na kubwera. Kuima na mwendo umodzi ni kothera, ndipo ambuya bena sibazafikako opanda kugwira. Palibe vuto.

Va kutseka maso, kuima pa pilo, olo vamene mwaona pa foni anyamata ba ku jimu bacita, musiyire a fiziyo. Musiyenso kugwira zala za kumapazi mawondo yali yoongoka, na vija vogona cagada na kunyamuka kuti mimba ilimbe. Azimayi bambiri ba msinkhu uyu mafupa yao ni yopyapyala osadziwa, ndipo kupinda msana mwamphamvu kungaphwanye ka fupa ka pa msana.

Tiyese na ambuya bamodzi

Tiyerekeze ambuya ba zaka 74 ku Mtendere. Bakumwa mankhwala ya bipi, bondo la kumanja limabawa kukazizira, sibanagwepo koma banaleka kupita ku maliketi. Ku kiliniki bavomera. Pa mayeso baimirira ka 7, ndipo cidendene ku zala bakhala masekondi 4 chabe.

Sabata yoyamba na yaciwiri, vonse ni kasanu-kasanu na manja yawiri, balansi bali pa phazi lotsogola pang'ono na dzanja limodzi. Vitha mu maminiti 10, ndipo bazakuuzani kuti ni vopepuka. Vilekeni vikhale vopepuka. Masabata aya ni yophunzira kacitidwe na kuona mwamene thupi liyankhira mailo lake. Pa tsiku laciwiri ntchafu zibawa pang'ono potsika sitepe. Uko ni kubawa kwa nyama, kwa mbali zonse ziwiri, kumatha mu masiku yawiri. Mupitirize.

Sabata yacitatu na yacinayi bafika 8, kenako 10. Lamulo lokwerera ni ili: ngati bacita bwino maulendo yawiri olo yatatu yotsatana, kacitidwe kali koyera, ndipo mailo lake bauka bwino, musinthe cinthu cimodzi chabe. Nambala, olo manja, olo kaimidwe. Osati vonse pamodzi. Mukasintha vitatu tsiku limodzi, bondo likatupa simuzadziwa camene calakwa.

Manje pa sabata yacisanu mdzukulu wina wacangu aona kuti ambuya bali bwino. Acosa manja yonse, awonjeza botolo, ndipo cifukwa mpando wa thabwa uli na alendo, abakhazika pa mpando wotsika. Mailo lake bondo la kumanja latupa, lafunda, ndipo bayenda motsimphina. Uku sikubawa kwa nyama. Kuli mu mfundo, kuli mbali imodzi, kwabwera na kutupa, ndipo kwapitirira tsiku lathunthu. Cocita: kuimirira na kukhala kuime masiku yangapo, koma bapitirize kuyenda-yenda mu nyumba na va balansi ngati sivibawisa. Bondo likaphwa, mubwerere pa mpando wautali, kasanu na manja yawiri, mukwerenso. Ngati bondo lafiira, latentha maningi, thupi nalo latentha, olo sibangaliponde, olo kutupa sikusintha pakapita masiku yatatu, ni ku kiliniki. Ndipo osabagulira mapilisi ya vobawa pa kantemba tsiku na tsiku kuti bapitirize. Ena mwa iyo siyagwirizana na bipi, impso na zilonda za m'mimba.

Nyamakazi payekha siletsa. Bondo la nyamakazi lingadandaule pang'ono pocita, ndipo ngati pofika mailo labwerera mwamene limakhalira, muli pa njira yabwino. Ntchafu yolimba imapepusa bondo.

Pofika sabata ya 8, ambuya aba bangakhale pa dzanja limodzi ka 10, ndipo cidendene ku zala na nsonga za zala chabe. Vonse pamodzi manje vitenga maminiti 20. Pa sabata ya 10 badwala cimfine, bagona masiku yanayi. Bakacira osayambira pamene munalekera. Mubwerere sitepe imodzi olo yawiri, cifukwa masiku ya pa bedi yamadya mendo ya okalamba msanga, ndipo cizungulire cimakonda munthu wocoka ku matenda. Ni cimodzimodzi pambuyo pa malungo, kutsegula m'mimba, olo sabata ya ku maliro kwamene bagona pansi na kudya mosakwana.

Pa sabata ya 12 mubwereze mayeso yaja, mpando umodzimodzi, nsapato zimodzimodzi. Ngati 7 yakhala 9 olo 10, mwasewenza. Ngati nambala siinasunthe olo yatsika pamene mwacita mokhulupirika, musawonjeze mphamvu. Tengani ka buku mupite nako ku kiliniki, cifukwa kuchepa magazi, shuga, mtima olo mankhwala vingakhale kumbuyo kwake.

Pamene muleke pamene apo

Kubawa olo kuthina pa chifuwa, kubanika mpaka kukanika kukamba, cizungulire camene sicitha bakakhala pansi, thukuta lozizira, mtima kugunda mosokonezeka: mubakhazike, ndipo mufune thandizo la cipatala. Pakamwa pakapotoka, dzanja limodzi likalefuka, olo mau yakayamba kusokonezeka, ni sitiroko mpaka dokota akane. Osayembekeza kuti bagone kaye, osabapatsa vakumwa. Funani motoka. Kwa ba shuga, kunjenjemera, thukuta na njala yadzidzidzi vingakhale shuga yotsika. Ngati bali maso ndipo bameza bwino, mubapatse madzi ya shuga, kenako cakudya.

Bakagwa, osathamangira kubanyamula m'khwapa. Mufunse kaye pamene pabawa. Ngati m'ciuno olo m'mphechepeche mubawa maningi, sibangaponde, olo mwendo umodzi uoneka wafupika na kutembenukira kunja, fupa lingakhale lathyoka. Mubafundike, osabaimika, muitane thandizo. Ngati bamenya mutu, baonedwe tsiku lamene ilo olo bakambe kuti bali bwino, maka-maka ngati bakumwa mankhwala yosungunula magazi.

Masiku yapakati

Pa masiku yamene simucita maekisesaizi, bayende. Maminiti 5 olo 10 poyamba, pa njira yamene baidziwa, na munthu pambali. Mainza njira za mu komboni zimaterera, ndiye bayende pa khonde olo mu nyumba. Ngati bali na ndodo, bayende nayo. Igwiridwe ku dzanja la mbali yamene mwendo uli bwino, ndipo ikhale na labala kunsi.

Mbale yao muiyang'ane. Mu nyumba zambiri ambuya bamasiyira bana ndiwo, beve badya nsima na supu. Nyama za thupi sizimangika na supu. Kapenta, dzira, nyemba, soya, ndiwo zotendera na nshawa, mkaka wowawasa: cimodzi mwa ivi cipezeke pa cakudya ciliconse. Ngati meno ni yovuta, kapenta musinje. Bamene banauzidwa kuti impso zili na vuto bafunse kaye ku kiliniki. Madzi nayo bamwe masana. Bambiri bamadzimana kuopa kuuka usiku, ndipo thupi louma limabweretsa cizungulire. Ulendo wa usiku uja ndiye woopsa: malaiti yapita, toileti ili panja, tulo tili m'maso. Toci ikhale pafupi na pilo, ka ndowa kakhale mu rumu, ndipo bakauka bakhale kaye pa mphepete pa bedi bakalibe kuimirira.

Nanga bakakana?

Bazakana. "Ine nakalamba, vamaseweravo ni va imwe." Mukabwera na mau ya "ekisesaizi" na nkhope ya kochi, mwaluza kale. Simungalamule munthu amene anasintha matewera ya amai banu. Mufunse camene bacisowa. Kapena ni kupita ku chalichi na mendo yao, kapena kukwera basi ya ku Chipata olo ku Petauke kukaona abale, kapena kusamba opanda munthu wobayembekeza pa citseko. Kenako mukambe mwaulemu: "Ambuya, banasi bakamba kuti mendo yangabwerere. Tiyeseko pamodzi, naine nizacita." Ndipo mucite zoona, pa mpando wanu, pafupi nabo. Ngati pa nyumba pali bana bang'ono, bapatseni nchito yowerenga, koma basathamange-thamange pafupi.

Imwe bamene mucoka 5 koloko kuseni na kubwera usiku, simungakhalepo katatu pa sabata. Mugawane: imwe pa Sande masana, wina pa Ciwiri, wina pa Cinayi. Aliyense alembe mu ka buku kamodzi kaja deti, nambala, manja yangati, na mwamene ambuya banaukira mailo lake, kuti wobwera asayambe vake. Pamene palibe munthu wamkulu pa nyumba, ambuya bacite chabe vamene banavidziwa kale, bali ogwira na manja yawiri. Sitepe yatsopano iliyonse iyembekeze tsiku lamene muliko.